Ndakwezedwa giredi koma malipiro angosuntha pang'ono, kodi zimatero?

Nachisale: Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi nkhani yomwe yandisowetsa mtendere, mwina alipo wina angandimasulire. Ndagwira ntchito m'boma pa giredi imodzi zaka 6, ndipo chaka chino ndakwezedwa, kalata ikuti kuyambira pa 1 Meyi. Besiki yanga inali 472,000 pamwezi, pano ili 480,000. Kusiyana kwake 8,000 basi, ndipo zimene zikulowa kubanki zangowonjezekera 5,200. Chomwe chandipweteka kwambiri n'chakuti mnzanga amene takwezedwa naye tsiku limodzi, yemwe anabwera m'mbuyo mwanga zaka 5, iye malipiro ake akwera ndi 38,000. Kodi akulakwitsa kumalipiro kuja kapena zimayenda choncho?

Mavuto: Ndi msonkho umenewo achemwali. Mukangokwera giredi mumalowa m'gawo la msonkho wapamwamba, ndiye zonse zimene akuwonjezerani zimapita komweko. Ena mpaka amalandira zochepa kuposa kale.

Bambo Gondwe: A Mavuto, msonkho ukufotokoza mbali imodzi yokha, ya kuchoka pa 8,000 kufika pa 5,200. Ngati gawo lawo la msonkho lili 30 pa 100 alionse, pa 8,000 pachoka 2,400. Ngati penshoni amadula 5 pa 100, pachokanso 400. Yatsala 5,200, ndendende zimene anena. Koma dandaulo lawo lili pa 8,000 yeniyeniyo, ndipo imeneyo ndi ndalama msonkho usanadulidwe. Komanso zoti munthu amalandira zochepa chifukwa walowa gawo lapamwamba la msonkho sizoona kumene msonkho uli wamagawo. Mlingo wapamwambawo umangogwira ndalama zimene zadutsa malire, zam'munsi zimadulidwa monga kale. Amene malipiro awo amatsikadi akakwezedwa nthawi zambiri amakhala kuti ataya alawansi ina, monga ya ovataimu, yomwe giredi yatsopanoyo salandira.

Mayi Nachisale, ine ndinagwira ntchito ya zamalipiro nthawi yaitali ndisanapume. Tanditumizireni sikelo ya magiredi onse awiri, manochi onse kuyambira pansi mpaka pamwamba. Popanda zimenezo tizingoganizira.

Nachisale: Zikomo bambo. Ndapeza sekula yake. Giredi yakale ili ndi manochi 8: 400,000, 412,000, 424,000, 436,000, 448,000, 460,000, 472,000 ndi 484,000. Ine ndinali pa nochi 7. Giredi yatsopano ilinso ndi 8: 450,000, 465,000, 480,000, 495,000, 510,000, 525,000, 540,000 ndi 555,000. Mnzangayo anali pa nochi 2.

Bambo Gondwe: Eya, tsopano zaoneka. Onani bwino manambala anuwo. Giredi yatsopano siyambira pamene yakale yathera, imayambira chapakati pa yakaleyo. Munthu amene ali pa nochi 6, 7 kapena 8 wa giredi yam'munsi akulandira kale zoposa amene wangoyamba giredi yapamwamba. Masikelo ambiri a boma anapangidwa motero dala, kuti wogwira ntchito wakale yemwe sanapeze mpata wokwera asasiyidwe kutali kwambiri ndi wachinyamata amene wangolowa pamwamba pake.

Mnzanu anali pa 412,000. Ndalama imeneyi ili pansi pa poyambira pa giredi yatsopano, ndiye palibe chochitira mwina, amuika pa nochi 1, pa 450,000. Ndi 38,000 ija. Inu simukanaikidwa pa nochi 1 chifukwa akanakutsitsani malipiro, choncho anayang'ana nochi yoyamba yomwe ikuposa 472,000. Pa 465,000 m'pochepa, yotsatira ndi 480,000, n'kukuikani pamenepo, nochi 3. Mukali patsogolo pa mnzanuyo ndi manochi awiri, 30,000 pamwezi. Kungoti kale munkamusiya ndi 60,000, ndiye n'zoona kuti theka la zimene zaka zanu zinakupatsani zasungunuka pokwezedwapo. Kupweteka kwanu ndikukumvetsa.

Chikondi: Inetu chaka chino sindinalandire inkirimenti ngakhale pang'ono. Nduna polengeza bajeti sanatchule zokweza malipiro a ogwira ntchito m'boma, ndiye tonse tili pomwepo. Nachisale inu bola mwaonako kena kake.

Anti Tiya: Chikondi mwasakaniza zinthu ziwiri mwana wanga. Zolengeza pa bajeti zija n'kukweza makwerero onse, aliyense akwere nawo pamene waima. Inkirimenti ya pachaka n'kuponda sitepe imodzi pa makwerero omwewo, ndipo imabwera pa tsiku lake ngakhale boma lisalengeze kanthu. Tengani manambala a Nachisale. Atakweza malipiro ndi 10 pa 100, 480,000 ija ikhala 528,000 iwo ali pa nochi 3 pomwepo. Akaponda nochi 4 chaka chomwecho ndiye 495,000 yomwe yasanduka 544,500. Taonani peyisilipi yanu ya chaka chatha ndi ya chaka chino, besiki yasintha kapena ayi?

Chikondi: Ndayang'ana. Sinasinthe, ndipo ya zaka zitatu zapitazo ilinso chimodzimodzi kupatula pamene anakweza tonse. Ndili pa giredi imeneyi chaka cha 11.

Anti Tiya: Ndiye mwina munafika padenga. Ngati sikelo yanu ili ndi manochi 8 ndipo munayambira pa woyamba, mukaponda kasanu ndi kawiri mwatha. Pamenepo inkirimenti imaima mpaka mutakwezedwa kapena sikelo itasinthidwa. Ine ndinakhala padenga zaka 4, ndikudziwa mmene zimawawira kuona ana amene unawaphunzitsa ntchito akukuyandikira chaka ndi chaka. Komabe tsimikizani, funsani kuti besiki yanu ikugwirizana ndi nochi iti. Mukapeza kuti ili pakati pa sikelo koma sikusuntha, imeneyo ndi nkhani ina, wina sanalowetse kapena inaimitsidwa, ndipo kuimitsa kumayenera kubwera ndi kalata yonena chifukwa.

Nachisale: Ndamva bambo Gondwe, ndiye kuti palibe cholakwika? Chifukwa pali china chikundivutabe. Inkirimenti yanga inkabwera pa 1 Julayi chaka chilichonse. Ndikanakhala pa giredi yakale, Julayi wapitayu ndikanapita pa 484,000. Peyisilipi ya Julayi ndi ya Ogasiti zonse zikuonetsa 480,000. Ndiye kuti panopa ndikulandira zochepa kuposa zimene ndikanalandira ndikanapanda kukwezedwa.

Bambo Gondwe: Apa ndiye pali nkhani yeniyeni, ndipo sindinanene kuti palibe cholakwika. Ndangofotokoza njira imene anatsata. Funso n'lakuti kodi njira imeneyo ndi imene malamulo a ntchito yanu amanena. Pa kukwezedwa pali mafunso awiri osiyana, ndipo anthu ambiri amangoona loyamba. Loyamba ndi nochi imene akuikani. Lachiwiri ndi tsiku la inkirimenti yanu yotsatira.

Tiyambe ndi nochi. Ndikudziwa njira zitatu zimene maboma osiyanasiyana amagwiritsa ntchito. Yoyamba ndi imene yachitika kwa inu, kungopita pa nochi yotsatira pamwamba pa malipiro anu, kaya kusiyana kuli kochepa bwanji. Yachiwiri, amayamba akuwonjezerani inkirimenti imodzi ya giredi yakale, kenako n'kufunafuna malo anu pa giredi yatsopano. Boma la India limachita motero pa tebulo la malipiro limene linayamba kugwira ntchito mu 2016. Kwa inu zikanakhala 472,000 kuwonjezera 12,000, kukhala 484,000, ndipo poti nambala imeneyo palibe pa sikelo yatsopano, mukanapita pa yotsatira, 495,000. Yachitatu ndi ya boma lalikulu la America, pa sikelo yawo ya magiredi 15 yokhala ndi masitepe 10 pa giredi iliyonse. Iwo amati wokwezedwa akwere ndi ndalama zosachepera masitepe awiri a giredi imene akuchokera. Kwa inu 472,000 kuwonjezera 24,000 ndi 496,000. Onani, yaposa 495,000 ndi 1,000 yokha, koma zimenezo zikukwana kukukankhirani pa 510,000.

Munthu yemweyo, masikelo omwewo, koma kukwera kwake 8,000, 23,000 kapena 38,000 malinga ndi chiganizo chimodzi cha m'buku la malamulo. N'chifukwa chake ndimati musakangane ndi wa zamalipiro musanawerenge chiganizo chimenecho ndi maso anu.

Mavuto: Koma lamulo ndi loti munthu akakwezedwa sangalandire zochepa kuposa inkirimenti imodzi. Zimenezo ndikuzidziwa, zinachitika kwa mkulu wanga. Achemwali pitani mukatenge ariyazi yanu.

Bambo Gondwe: Lamulo limenelo lilipo m'malo ambiri, ndipo analiika chifukwa cha vuto ngati ili lomweli. Koma si paliponse, ndipo mkulu wanu mwina ali m'nthambi yokhala ndi malamulo ake. Ngakhale m'dziko limodzi, unduna, khonsolo ndi kampani ya boma akhoza kukhala ndi mabuku osiyana. Tisawatumize mayiwa kukakalipa ndi lamulo la kwa eni.

Madalitso: Ine ndawerengetsera chaka chonse choyamba, poganiza kuti tsiku lawo la inkirimenti lasamukira ku 1 Meyi chaka chamawa. Meyi ndi Juni apindula 8,000 pamwezi, ndi 16,000. Kuyambira Julayi mpaka Epulo, miyezi 10, akutaya 4,000 pamwezi, ndi 40,000. Pamapeto pake chaka choyamba ataya 24,000 chifukwa chokwezedwa. Ndalakwitsa penapake?

Bambo Gondwe: Simunalakwitse, ndipo limenelo ndi funso lachiwiri lija. Tsiku la inkirimenti limasungidwa mosiyanasiyana. Kwina aliyense amaponda tsiku limodzi pachaka, kaya analembedwa liti. Kwina munthu aliyense ali ndi tsiku lake, lochokera pa tsiku limene analembedwa ntchito, ndipo akakwezedwa kuwerenga kumayambiranso pa tsiku lokwezedwalo. Mayi Nachisale anali atagwira kale miyezi 10 ya chaka chawo cha inkirimenti. Ngati kuwerenga kwayambiranso, miyezi 10 imeneyo yangotayika. Kukwezedwa pa 1 Ogasiti kukanawakomera kuposa pa 1 Meyi, chifukwa akanachokera pa 484,000 n'kugwera pa 495,000 ngakhale ndi njira youma ija yoyamba.

Malo ena anaona msampha umenewu n'kuutseka. Ku India komweko wokwezedwa amapatsidwa mwayi wosankha kuti malipiro ake atsopano awerengedwe kuyambira tsiku lokwezedwa kapena adikire tsiku la inkirimenti yake yotsatira pa giredi yakale, ndipo amayenera kusankha pasanathe mwezi umodzi. Kwina amati ngati kukwera kwachepera inkirimenti imodzi, munthu asunge tsiku lake lakale. Lamulo lotero litakhalapo kwanu, mayi, ndiye kuti pa 1 Julayi munayenera kupita pa 495,000.

Chikondi: Ndiye bola kukana kukwezedwako ngati munthu uli pafupi ndi inkirimenti? Chifukwa kuwonjezera ntchito n'kuchotsa ndalama sizikumveka.

Anti Tiya: Ayi, musayerekeze. Madalitso wawerenga chaka chimodzi chokha, pitirizani nacho. Pa giredi yakale Nachisale anatsala ndi sitepe imodzi, akanafika pa 484,000 n'kuima monga mwaimira inuyo. Kuno chaka chachiwiri ali pa 495,000, akupindula 11,000 pamwezi, pachaka 132,000, ndiye 24,000 ija yabwerera m'miyezi itatu yoyambirira. Zaka 5 zikatha ali pa 555,000, kusiyana ndi denga lakale 71,000 mwezi uliwonse. Ndipo kumene penshoni imawerengedwa pa malipiro omaliza, kapena pa zimene umasonkha mwezi ndi mwezi, kusiyana kumeneko umapita nako kunyumba. Phindu la giredi yatsopano kwa munthu amene anali pamwamba pa yakale silili pa peyisilipi yoyamba, lili pa manochi amene atseguka kutsogolo.

Nachisale: Zoona anti, zokana sindinaganizeko. Koma 24,000 ndi ndalama, ndipo chimene chikundinyansa si ndalama yokha. Palibe amene anandiuza. Kalata imangoti mwakwezedwa, giredi yakuti, kuyambira tsiku lakuti. Za nochi kapena tsiku la inkirimenti palibe ngakhale liwu limodzi.

Madalitso: Makalata ambiri amatero. Yanga inangolemba poyambira ndi pothera pa sikelo, ine n'kumaganiza kuti ndiyambira pansi. Koma ndifunseko za ine pang'ono. Kwathu sanandikweze ine, anakweza udindo wonse, onse ogwira ntchito yathu tinachoka giredi ina kupita ina pambuyo pounika ntchito. Amene anali pa nochi 1 ndi amene anali pa nochi 4 tonse tinapezeka pa nochi 1 wa giredi yatsopano. Zimenezi n'zofanana ndi za Nachisale?

Bambo Gondwe: Masamu ake ndi amodzi koma khomo lake ndi lina. Udindo ukakwezedwa, kapena sikelo yonse ikasinthidwa, pamatuluka sekula yapadera yonena mmene anthu asamutsidwire, nthawi zambiri ndi tebulo lake. Pali njira yosunga nambala ya nochi, wa pa 4 apite pa 4. Imeneyo ndi yachilungamo kwa akale koma ndi yodula, ndiye aboma ambiri saikonda. Pali njira yoyang'ana ndalama, ngati ya mayi Nachisale. Pa masikelo awo aja, aliyense wa pa nochi 1 mpaka 5, kuyambira 400,000 mpaka 448,000, agwera pa 450,000. Anthu a zaka zosiyana aunjikana pa sitepe imodzi, wina wakwera ndi 50,000, wina ndi 2,000. Zanuzo zikuoneka kuti zinayenda motero, ndipo ngati sekula inanena choncho palibe amene analakwitsa, dandaulo lake n'lopita kwa amene amakambirana za malipiro m'malo mwanu, osati kwa kalaliki.

Mavuto: Ine maganizo anga, zonsezi zikuchitika chifukwa inkirimenti imangobwera yokha. Waulesi ndi wolimbikira onse amaponda tsiku limodzi. Akanati aziyang'ana ntchito ya munthu, wolimbikira ngati achemwaliwa akanaponda manochi awiri.

Anti Tiya: Pamapepala malo ambiri amati inkirimenti imadalira kuti ntchito yako ndi yokhutiritsa, ndipo bwana akhoza kuiimitsa. Kungoti mabwana ambiri sachita chifukwa zimafuna kulemba ndi kuyankha madandaulo. Koma ine zoti bwana mmodzi azisankha woponda ziwiri ndi wosaponda sindigwirizana nazo. Ndinaona mafomu ounika ntchito akudzazidwa ofesi yonse tsiku limodzi, ndiponso amene sankamwetulira bwana akupatsidwa mamalikisi ochepa. Sikelo youma ili ndi ubwino woti ukhoza kuwerengera wekha zimene uyenera kulandira, monga tachitiramu.

Mavuto: Ndiye waulesi azingokwera mpaka padenga?

Madalitso: Si paliponse pamene amaponda chaka ndi chaka. Ku America kuja a Gondwe atchula, masitepe atatu oyamba umadikira chaka chimodzi chimodzi, atatu otsatira zaka ziwiri ziwiri, atatu omaliza zaka zitatu zitatu. Kuchoka sitepe 1 kufika 10 ndi zaka 18, ndipo paliponse ntchito yako iyenera kukhala yovomerezeka. Ine ndikuona ngati n'zanzeru, chifukwa munthu amaphunzira kwambiri zaka zoyambirira, komanso safika padenga msanga.

Anti Tiya: Zanzeru kwa wolipira. Kwa wolandira kudikira zaka zitatu sitepe imodzi pamene mitengo ya zinthu ikukwera mwezi ndi mwezi n'kowawa. Tisiye pomwepo, sitigwirizana.

Nachisale: Bambo Gondwe, Lolemba ndikufuna ndipite ku ofesi yoona za antchito. Ndikanene chiyani kuti asangondibweza ndi mawu oti kompyuta ndi imene imawerengera?

Bambo Gondwe: Kompyuta imatsatira zimene munthu walowetsa, ndiye musalole yankho limenelo. Tengani kalata yokukwezani, peyisilipi ya Epulo ndi zinayi zotsatira, ndi sekula ya masikelo. Mukapemphe kuona ndime ya m'buku la malamulo a ntchito yokamba za malipiro a munthu akakwezedwa, muiwerenge nokha, ngati n'kotheka muijambule. Mufunse kuti pa kompyutapo tsiku la inkirimenti yanu yotsatira lalembedwa liti. Nthawi zina mupeza kuti malowo ali opanda kanthu, wolowetsa anasintha giredi n'kuiwala tsiku, ndipo munthu amatha zaka ziwiri osaponda osadziwa.

Mukapeza kuti ndimeyo ikuti kukwera kusachepere inkirimenti imodzi, malo anu ndi 495,000 kuyambira Meyi, ariyazi yake 15,000 kuchulukitsa miyezi 4, ndi 60,000 msonkho usanadulidwe. Ikakhala kuti ikungonena zosunga tsiku lakale, ndi 15,000 ya Julayi ndi ya Ogasiti, 30,000. Pempho lanu mulembe kalata, mutchule ndimeyo, musunge kope yodindidwa. Zapakamwa zimaiwalika, ndipo malo ena amaika malire a nthawi yodandaulira.

Nachisale: Ndabwerako abale. Ndime ija ilipo, ikuti wokwezedwa aikidwe pa nochi yomwe ikumupatsa zosachepera inkirimenti imodzi ya giredi yakale. Mayi amene ndinawapeza anavomera kuti 8,000 siikwana 12,000, akuti wolowetsa anangotenga nochi yotsatira. Ndalemba kalata, adinda, akuti zikonzedwa pa malipiro a Okutobala ndi ariyazi yake. A Mavuto munalondola pamenepo. Za tsiku ndiye sitinamvane. Iwo akuti inkirimenti yanga tsopano ndi 1 Meyi, koma ndime ina m'buku lomwelo ikuti amene wagwira miyezi yoposa 6 m'chaka amaponda pa 1 Julayi, ndipo sikunena ngati miyeziyo ndi ya pa giredi yatsopano kapena ya ntchito yonse.

Mavuto: Ntchito yonse, n'zoonekeratu. Limbikirani, muyenera kukhala pa 510,000.

Bambo Gondwe: Ine ndikukayika a Mavuto. Inkirimenti imene awawonjezera pokwezedwa ija kawirikawiri imatengedwa kuti yalowa m'malo mwa ya Julayi, ndipo ndime za miyezi 6 zimene ndinagwirapo ntchito zinkawerenga miyezi ya pa nochi imene munthu waimapo. Pa 1 Julayi mayiwa anali ndi miyezi iwiri yokha pa nochi yatsopano. Chimene ndingawafunse n'china. Ngati kwanu aliyense amaponda pa 1 Julayi, 1 Meyi akuitenga kuti? Yotsatira yanu iyenera kukhala 1 Julayi chaka chamawa. Ngati aliyense ali ndi tsiku lake, ndiye 1 Meyi ili bwino ndipo ikukupindulitsani miyezi iwiri. Mayi, jambulani ndime zonse ziwiri mutumize pano, pamodzi ndi mutu umene iliyonse ili pansi pake, chifukwa mwina inayo ikukamba za olembedwa kumene osati okwezedwa.

Nachisale: Ndinajambula imodzi yokha. Mawa ndikadutsanso ndijambule tsamba lonse.